Kanema wako akuyamba pa mphindi 11

Wophunzira akajambula kanema wofotokoza nkhani yeniyeni, uja timati dokumentale, limafika tsiku loti alumikize zidutswa zake zonse koyamba, kuchokera poyambira mpaka pothera, n'kupita nazo kwa aphunzitsi kuti akaone. Kanema wa pa siteji imeneyi okonza mafilimu amamutcha rafu kati. Sakhala wosalala ayi. Mawu pena akukwera pena akutsika, nyimbo ndi yongogwirizira, mayina a olankhula sanalembedwe, ndipo kawirikawiri amakhala wautali kuposa mmene aphunzitsi analamulira. Zimenezi sizidabwitsa aliyense wodziwa ntchitoyi, chifukwa pambuyo pake pamabwera siteji yosalaza, kenako yotseka zithunzi kuti zisasunthenso, ndipo pomaliza m'pamene amakonza mawu ndi mitundu.

Chovuta chili pa zimene mphunzitsi amalemba akaonera. Aphunzitsi ambiri anazolowera kuchonga chimangirizo ndi bolopeni yofiira, ndiye akaona kanema amachitanso chimodzimodzi: apa dzina la ahedi lalakwika, apa nyimbo yakwera, apa chithunzi chada. Wophunzira amapita kukakonza zonsezo mokhulupirika, n'kubwera ndi kanema yemwe uja, wotopetsa monga kale, koma tsopano wopanda zolakwika za sipelo. Kuteroko kuli ngati kupaka laimu khoma loti mawa ligumulidwa. Pa rafu kati funso limakhala limodzi: kodi zidutswazi zili m'malo mwake?

Kuti tione bwino, tiyeni titenge chitsanzo chimene ndachikonza motengera zimene zimachitika kawirikawiri. Mtsikana wa Fomu 3 wa m'kalabu ya atolankhani pa sukulu ina yoyendera wauzidwa kuti akonze kanema wa mphindi 8. Wasankha nkhani ya mjigo wa pasukulupo, umene unasiya kutulutsa madzi kwa milungu ingapo. Wajambula ndi foni, walumikiza pa laputopu ya kalabu, ndipo chimene wabweretsa ndi cha mphindi 19.

Kanemayo akuyamba ndi chikwangwani cha sukulu, mbendera, ana ali pa asembule, nyimbo ikulira, kwa mphindi pafupifupi 2. Kenako ahedi, atakhala kuseri kwa tebulo lawo, akufotokoza mbiri ya sukulu kwa mphindi 4. Akubwera apampando a komiti ya mjigo, pambuyo pawo mlangizi wa zaumoyo akulankhula za matenda otsekula m'mimba. Pa mphindi 11 m'pamene tikuona mtsikana wina wa Fomu 1 akutunga madzi ku dambo kusanache bwino, akuthamanga, akulowa m'kalasi phunziro litayamba kale, yunifolomu itanyowa paphewa. Pa mphindi 14 mmisiri wa mijigo akuzula ndodo zachitsulo za mjigo uja, wa mtundu wa Afridev umene uli ponseponse m'midzi mwathu, n'kupeza kalabala kakang'ono kotha. Madzi akutuluka, ana akusangalala, kenako mphindi 2 zothokoza aliyense, kuyambira ahedi mpaka mlonda.

Ndondomeko imeneyi siinabwere mwangozi. Ndi ndondomeko imene mwanayo anajambulira. Lolemba anapita kwa ahedi kukapempha chilolezo n'kuwajambuliratu, Lachiwiri anapeza apampando, Lachinayi anadzuka m'mamawa kupita ku dambo. Ndiponso ndi ndondomeko ya ulemu wathu: wamkulu amayamba kulankhula, mwana amabwera pambuyo. Pa msonkhano wa makolo zimenezi n'zoyenera. Pa kanema zimapha nkhani, chifukwa woonera sadikira mphindi 11 kuti adziwe chimene wakhalira pansi.

Mphunzitsi wodziwa amaonera kanemayo koyamba osaimitsa, osagwira bolopeni, n'kumangodzimvetsera yekha: ndi pati pamene maso anga anapita pa windo, ndi pati pamene ndinaweramira kutsogolo? Ulendo wachiwiri ndi umene amalemba, ndipo chilichonse amachilemba ndi nthawi yake. Kalata yake ingayambe chonchi:

"Mwana wanga, ndaonera kanema wako kawiri. Uli ndi nkhani, ndipo zithunzi zoifotokozera unazijambula kale, sufunika kubwereranso ndi foni. Pa 11:20, pamene mnzako uja akulowa m'kalasi atanyowa paphewa, anzake n'kucheuka, ndinaiwala kuti ndikuchonga ntchito. Pa 14:05, pamene amisiri akuonetsa kalabala kotha padzanja lawo, ndinabwezanso kuti ndionetsetse. Koma pakati pa 02:00 ndi 10:30 ndinayang'ana wotchi katatu. Kanema wako akuyamba pa mphindi 11. Zonse zili kutsogolo kwake ndi anthu akundiuza za vuto limene sindinalione ndi maso anga."

Taonani kuti mphunzitsiyu sananene kuti gawo la ahedi ndi loipa. Wanena zimene zinamuchitikira iye monga woonera, ndi malo ake enieni. Wophunzira angatsutse kuti gawolo ndi labwino, koma sangatsutse kuti aphunzitsi anayang'ana wotchi. Chiyamikiro nachonso chili ndi nthawi yake, ndipo si chongotsekemeretsa pakamwa kuti mankhwala owawa adutse. Chikumuuza mwanayo zidutswa ziwiri zimene kanema watsopano adzamangidwepo. Mawu oti "wayesetsa" sakanamuuza chilichonse choti achite mawa.

Pa nkhani ya nthawiyi pali kamsampha kakang'ono. Mapulogalamu olumikizira makanema amawerenga nthawi m'magawo anayi: maola, mphindi, masekondi ndi mafulemu, ndiye kuti tizithunzi timene timadutsa pa sekondi imodzi, 25 kapena 30 malinga ndi mmene foni inajambulira. Pulogalamu ya DaVinci Resolve, imene ili ndi mtundu waulere, imayamba kuwerenga pa 01:00:00:00 ngati munthu sanasinthe. Choncho malo amene aphunzitsi aona pa foni yawo kuti ndi 11:20, pa laputopu ya mwanayo akuoneka 01:11:20:00. Ndi bwino kugwirizana zimenezi poyambirira, apo ayi mwana amafunafuna ola limene kulibe.

Gawo lachiwiri la kalata ndi limene limavuta kulemba, chifukwa mphunzitsi ayenera kutchula matenda osati zizindikiro zake zokha:

"Ndikakufunsa kuti kanemayu ndi wa chiyani, undiyankha kuti ndi wa mjigo. Umenewo ndi mutu, si nkhani. Nkhani imakhala ndi funso limene woonera akufuna yankho lake. Ine funso ndalipeza m'zithunzi zako zomwe: zinatheka bwanji kuti kalabala kokwana m'dzanja kachedwetse ana m'kalasi milungu yonseyi? Ngati ukugwirizana nalo, lilembe papepala, ulimate pamwamba pa laputopu. Chidutswa chilichonse chimene sichikulifunsa, kulikulitsa kapena kuliyankha, chichoke. Ngati uli ndi funso lina loposa ili, bwera nalo tikambirane, kanemayu ndi wako."

Chiganizo chomalizacho si ulemu wamba. Mphunzitsi akalamula ndondomeko yonse, mwana amangosanduka dzanja logwira mausi, ndipo chaka chamawa adzabweranso ndi kanema woyamba ndi chikwangwani. Koma kungonena kuti "konzanso" osapereka njira n'kumusiya m'tchire. Pakati pake ndi pamene pali luso: kupereka ndondomeko imodzi yoti ayesere, n'kunena poyera kuti ndi yoyesera.

Ndondomeko imene mphunzitsi wathu akupereka ikuyamba ndi dzanja la mwana likupopa mjigo wouma, chitsulo chikulira koma pampopi palibe kanthu, masekondi 40, popanda nyimbo kapena wofotokoza. Kenako mtsikana uja ku dambo mpaka kulowa m'kalasi, pafupifupi mphindi 2. Apa m'pamene ahedi akulowa, kwa masekondi 30 okha, ndi chiganizo chimodzi chimene anachinena chakumapeto kwa kucheza kwawo, choti ana ambiri akuphonya phunziro loyamba. Apampando akutenga mphindi imodzi ndi theka kufotokoza chifukwa chimene m'thumba la komiti munalibe ndalama. Mmisiri akutenga mphindi 2 ndi masekondi 15, gawo lalitali kuposa onse, chifukwa ndi pamene manja akugwira ntchito ndipo woonera sakudziwa chimene chituluke m'dzenjemo. Madzi akutuluka, masekondi 45. Zotsala ndi za apampando akuvomera kuti sanagwirizanebe za mmene azisonkhera ndalama, kenako mayina.

Zonsezi zikakwana mphindi 8, ndiye kuti mphindi 11 zapita pansi, ndipo mwa zimenezo muli gawo lonse la mlangizi wa zaumoyo. Apa ndi pamene misozi imayandikira. Mlangiziyo analankhula bwino, mwanayo anayenda mtunda kukamupeza ku chipatala, anadikira pabenchi mpaka masana. Koma gawolo likuyankha funso lina, la matenda, ndipo m'kanemayu mulibe mwana aliyense amene tamuona akudwala. Kalata iyenera kunena zimenezi mosazungulira, komanso kuvomereza kuti n'zowawa: "Ndikudziwa mmene unavutikira kuti uwapeze alangizi. Woonera sadzadziwa zimenezo, iye amaona zimene zili pa sikirini basi. Gawoli lisunge, likhoza kukhala kanema wina payekha."

Nanga ahedi? Kudula bwana wa sukulu kuchoka pa mphindi 4 kufika pa masekondi 30, ndiponso kumuika pambuyo pa mwana wa Fomu 1, si chinthu choti mtsikana wa Fomu 3 asenze yekha. Ineyo ndimaona kuti mphunzitsi amene wapereka malangizo amenewa ayenera kulembanso m'kalatamo kuti akalankhula yekha ndi ahedi. Akapanda kutero, mwanayo adzavomera pakamwa, koma pobwera ndi kanema wachiwiri ahedi adzakhala ali pomwe paja, mwina atangochepetsedwa ndi theka la mphindi. Ndipo kunena zoona, masekondi 30 oikidwa pamalo oyenera amawapatsa ahedi ulemu woposa mphindi 4 zimene ana amayamba kunong'onezana m'holo.

Walter Murch, katswiri wa ku America amene analumikiza filimu ya The English Patient, analemba m'buku lake la 1995 lotchedwa In the Blink of an Eye zinthu 6 zimene wolumikiza ayenera kuganizira asanadule. Anazipatsa mapelesenti: mmene woonera akumvera mumtima anapatsa 51, kupititsa nkhani patsogolo 23, kayendedwe ka nthawi 10, ndipo zitatu zotsalazo, zokhudza kumene diso likuyang'ana ndi kaimidwe ka zinthu pa chithunzi, zinagawana 16 yokha. Manambalawa sanawayeze pa sikelo, ndi njira yake yosonyezera chimene chili chachikulu. Koma amathandiza mphunzitsi kuona ngati kalata yake yapendekeka. Ngati mizere 20 ikunena za kuwala ndi kugwedera kwa foni, mzere umodzi wokha n'kunena za nkhani, kalatayo yaima chadodolido.

Tsopano mwana uja achite bwanji akafika pa laputopu? Choyamba asakhudze kanema woyambayo. Apange kope la taimulaini, uja mzere umene zidutswa zimandandalikidwapo, n'kulipatsa dzina latsopano ndi tsiku. Mu DaVinci Resolve amadina kumanja pa dzina la taimulaini n'kusankha Duplicate Timeline, ndipo mu Premiere Pro lamulo lake ndi Duplicate. Munthu amalimba mtima kudula akadziwa kuti chakale chilipo.

Chachiwiri, atseke laputopuyo. Atenge mapepala a m'kope, awadule tizidutswa, pa kalikonse alembe gawo limodzi: ndani, akuchita kapena akunena chiyani, ndi masekondi angati. Tizidutswa 15 kapena 20 tikwana. Atiyale patebulo kapena pamkeka, n'kumatisuntha. Kusuntha kapepala kumatenga sekondi imodzi, pamene kusuntha gawo pa laputopu yakale ya kalabu kumatenga nthawi, mawu amasiyana ndi zithunzi, ndipo magetsi akhoza kuthima ntchito ili pakati. Papepala m'pamenenso zobwerezabwereza zimaonekera msanga. M'kanema wathuyu, anthu atatu osiyana akunena kuti madzi ndi moyo. Pa sikirini, mawuwa atatalikirana mphindi zingapo, mwanayo sanazindikire. Pamkeka timapepala titatu tofanana tikumuyang'ana.

Chachitatu, akalumikiza ndondomeko yatsopano, ayambe ndi mawu okha. Atseke maso, amvetsere kuyambira poyamba mpaka pomaliza ngati pulogalamu ya pa wailesi. Ngati nkhani ikumveka popanda zithunzi, msana wake walimba. Ngati penapake akusochera, vuto lili pamenepo, ndipo chithunzi chokongola sichingalibise.

Kusuntha magawo kumabweretsa mavuto akeake, ndipo kalata yabwino imachenjezeratu. Loyamba ndi la mawu olozera m'mbuyo. Apampando akuyamba ndi kunena kuti "monga anenera ahedi", kapena mmisiri akuti "vuto lija", pamene m'ndondomeko yatsopano vutolo silinatchulidwe. Mawu ngati amenewa ayenera kusakidwa ndi kudulidwa. Lachiwiri ndi la kudumpha kwa chithunzi. Ukadula pakati pa zolankhula za munthu amene wakhala malo amodzi, mutu wake umadumpha. Mankhwala ake ndi kuphimba podulapo ndi chithunzi china chogwirizana ndi zimene akunena, monga zidebe zili pamzere kapena kope la zosonkha za komiti, mawu ake akupitirira pansi. Zithunzi zophimbira zimenezi ana ambiri sajambula zokwanira, ndipo ngati pali chifukwa chobwererera ndi foni, kawirikawiri chimakhala chimenechi. Pali kaluso kenanso kosavuta: kulola mawu a gawo lotsatira kuyamba sekondi imodzi kapena ziwiri chithunzi chake chisanafike. Kulira kwa sipanala ya mmisiri kukayamba kumveka apampando akadali pa sikirini, woonera amawoloka osamva kuti pali mpata.

Vuto lachitatu ndi lalikulu kuposa onsewa, chifukwa silikhudza luso lokha. Zaka zoposa 100 zapitazo, Lev Kuleshov wa ku Russia anasonyeza kuti nkhope imodzimodzi ya munthu, ikaikidwa pafupi ndi mbale ya supu, anthu amaiona ngati ya njala, ndipo ikaikidwa pafupi ndi bokosi la maliro amaiona ngati ya chisoni. Tanthauzo la chithunzi limachokera kwa mnzake woyandikana naye. Ndiye kusuntha magawo n'kusuntha matanthauzo.

M'zithunzi za mtsikana wathu muli malo pamene apampando akuseka. Ankaseka chifukwa mbuzi inadutsa kumbuyo kwa wojambula. Kuseka kumeneko kukaikidwa pambuyo pa funso loti ndalama za komiti zinapita kuti, holo yonse idzaona munthu wakuba amene sakuchita n'komwe manyazi. Palibe mawu abodza amene anenedwa, komabe kanemayo wanama, ndipo apampandowo ndi munthu amene mwanayo adzakumana naye pa chigayo Loweruka. N'chifukwa chake kalata iyenera kuika malire momveka:

"Ukhoza kusintha ndondomeko ya magawo, ukhoza kufupikitsa zolankhula za munthu. Sungatenge yankho la funso lina n'kuliika pa funso lina, ndipo sungalumikize theka la chiganizo ichi ndi theka la chiganizo icho kuti munthu anene zimene sananene. Muyeso wake ndi uwu: kodi ungakhale pambali pa apampando pamene akuonera, osagwetsa nkhope? Ndiponso kumbukira kuti zithunzi za ku dambo unajambula Lachinayi, mjigo usanakonzedwe. Usaziike pambuyo pa kukonza, chifukwa zidzaoneka ngati ana akupitabe ku dambo madzi alipo."

Mtsikana wa Fomu 1 uja nayenso ali ndi mbali yake. M'kanema woyamba anali munthu wongodutsa pa mphindi 11. M'ndondomeko yatsopano wasanduka nkhope ya kanema yense, ndipo tikumuona akuchedwa m'kalasi pamaso pa anzake. Chilolezo chimene iye ndi makolo ake anapereka poyamba chinali cha chinthu chaching'ono kuposa ichi. Ayenera kuonetsedwa kanema watsopanoyo asanaonetsedwe kwa anthu, ndipo akakana, ndondomeko isinthenso. Zimenezi ndi udindo wa mphunzitsi, osati wa mwana wojambula.

Za nyimbo, mitundu, sipelo ya mayina ndi mawu olembedwa m'munsi, kalata ingonena mzere umodzi, kuti tidzaziona zithunzi zikatsekedwa. Kalata yonse isapitirire tsamba limodzi ndi theka, ndipo mfundo zikuluzikulu zisapose zitatu. Mwana wa zaka 16 akalandira mfundo 25 amayamba ndi zosavuta, nthawi n'kumuthera asanafike pa yofunika.

Pomaliza kalatayo ipereke tsiku ndi njira yodziwira ngati ntchito yatheka. Mphunzitsi wathu akupempha kuona timapepala tija Lachitatu, laputopu isanatsegulidwe, ndi kanema wachiwiri pakatha sabata. Kenako mwanayo apeze anthu atatu amene sadziwa nkhaniyi, mwina a Fomu 2 kapena amayi ogulitsa mandasi pa geti, awaonetse osawafotokozera kalikonse, iye atakhala kumbuyo n'kumayang'ana nkhope zawo osati sikirini. Akatha asawafunse ngati awukonda, chifukwa Mmalawi sangakuuze pamaso kuti ntchito yako yamutopetsa. Awafunse kuti amufotokozere zimene aona, ndi malo amene anafuna kudziwa chotsatira. Awiri mwa atatuwo akatchula kalabala kaja ndi mtsikana wochedwa, ndondomeko yagwira. Akayankha kuti ndi kanema wa sukulu yathu, timapepala tibwerere pamkeka.